Makina Akawerenga Mabuku Akale a Mvula, Timadziwa Bwanji Kuti Awerenga Bwino?

Tsamba la m'buku lolembamo mvula silivuta kulimvetsa. Kumanzere kwake kuli masiku, kuyambira pa 1 kutsika mpaka pa 31. Pamwamba pali miyezi, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Pamene tsiku lakumana ndi mwezi pali kabokosi, ndipo m'kabokosi kameneka munthu wina, zaka zambiri zapitazo, adalembamo mvula imene adaipeza m'choyezera mmawa wa tsikulo. Ngati siidagwe, ankangolemba kamzere kapena kusiya malo osalemba. Tsamba limodzi lotere limakhala ndi timabokosi 372, ndipo m'maofesi oona zanyengo m'maiko ambiri masamba otere alipo milumilu, ena olembedwa pa taipilaita, ena pamanja, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali.

Kuti manambalawa agwire ntchito lero, ayenera kulowa m'kompyuta. Njira imodzi ndi kulemba anthu kuti ataipe kabokosi kalikonse. Ku Britain adachita zimenezi mu Malichi 2020, pa ntchito yotchedwa Rainfall Rescue imene adaitsogolera Ed Hawkins wa pa yunivesite ya Reading. Anthu ongodzipereka oposa 16,000 adataipa masamba pafupifupi 66,000 m'masiku 16 okha, manambala oposa 5 miliyoni. Ofesi zambiri sizingapeze khamu lotere, choncho zimatsata njira ina: kujambula masamba pa sikana n'kupereka zithunzizo kwa pulogalamu yowerenga malemba, ya mtundu umene pa kompyuta umatchedwa OCR, monga Tesseract. Pulogalamuyo imatulutsa tebulo lodzaza manambala mofulumira kwambiri, ndipo tebulolo limaoneka laukhondo mofanana, kaya lili ndi zolakwa zisanu kapena zikwi zisanu. Makina sasiya chizindikiro pamene aphonya. Njira yodziwira ndi imodzi basi: kutenga masamba ochepa, kuwataipa pamanja mosamala kwambiri, n'kuyerekeza kabokosi ndi kabokosi.

Tiyeni titsate ntchito yotere kuyambira poyamba. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, aikidwa kuti masamu aoneke bwino. Tinene kuti ofesi ina ili ndi masamba 1,200, ochokera m'malo 30 oyezera mvula, zaka 40 pa malo alionse, ndipo onse awerengedwa kale ndi makina. Tasankha masamba 20 kuti tiwayesere.

Kasankhidwe ka masamba 20 amenewa n'komwe kamapha ntchito zambiri zisanayambe. Munthu akauzidwa kuti atenge masamba oyesera, dzanja lake limathamangira ku masamba oyera, osakhwinyata, a inki yakuda bwino, chifukwa ndi amene sadzamuvuta potaipa. Koma amenewo ndi amenenso savuta makina. Wogula chimanga wodziwa ntchito sakhutira ndi chimene chili pakamwa pa thumba, amabaya pakati ndi pansi pomwe. Ifenso tipatse tsamba lililonse nambala, kuyambira 1 mpaka 1,200, ndipo kompyuta itisankhire mwamaere. Tsamba limene lagwera, ngakhale likhale lothimbirira chotani, lisasinthidwe ndi lina. Ngati tikudziwa kuti masambawo ndi amitundu iwiri, a pa taipilaita ndi a pamanja, ndi bwino kuchita maere pa gulu lililonse palokha, kuti gulu laling'ono lisasowe m'zoyeserazo. Pali lamulo linanso limene anthu amaliswa mosadziwa: masamba amene adagwiritsidwa ntchito pokonza kapena kuphunzitsa pulogalamuyo asalowe m'gulu loyesera. Pulogalamu imakhoza bwino pa masamba amene idakonzedwerapo, ndipo kukhoza kumeneko sikutiuza kanthu za masamba otsalawo.

Tsopano pofika potaipa. Apa pali funso limene woganiza bwino aliyense amafunsa: ngati tikuyeza makina ndi zimene wataipa munthu, nanga munthuyo amuyeza ndani? Munthu amatopa, amalumpha mzere, amatembenuza 46 kukhala 64. Akalakwitsa iye, mlandu umagwera makina, ndipo chiwerengero chathu chimanama. N'chifukwa chake tsamba lililonse loyesera limataipidwa ndi anthu awiri, aliyense payekha, osaonerana. Kenako kompyuta imayerekeza ntchito za awiriwo, ndipo paliponse pamene asiyana, munthu wachitatu amatenga pepala lenilenilo, kapena chithunzi chake chokulitsidwa, n'kugamula. Anthu awiri kawirikawiri salakwitsa mofanana pa kabokosi kamodzimodzi, pokhapokha ngati cholembedwacho n'chosokoneza pachokha. A Rainfall Rescue aja adafika poti nambala iliyonse itaipidwe ndi anthu anayi osiyana.

Otaipawo asaonetsedwe zimene makina atulutsa. Izi zimaoneka ngati kutaya nthawi, chifukwa n'zachangu kupatsa munthu tebulo la makina n'kumuuza kuti angokonza zolakwa. Koma diso likaona kale 7 pa kompyuta, limakaonanso 7 papepala, ngakhale pamene padalembedwa 1 wokhala ndi kambendera. Wokonzayo amavomereza zolakwa zina za makina, ndipo makinawo amatuluka ooneka anzeru kuposa mmene alili. Ine ndimaona kuti ntchito yoyesedwa motere ndi bwino kungoiyambiranso, chifukwa palibe njira yodziwira kuti ndi zolakwa zingati zimene zadutsa.

Asanayambe kutaipa, onse agwirizane malamulo ndi kuwalemba papepala. Kodi kamzere ndi malo osalembedwa ndi chinthu chimodzi? M'mabuku ena kamzere kamatanthauza kuti mvula siidagwe, pomwe malo osalembedwa amatanthauza kuti tsikulo palibe amene adakayeza, ndipo zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri kwa munthu wofufuza za chilala. Kodi 0.50 ndi .5 tiziti n'zofanana? Pa mvula n'zofanana, choncho matebulo onse awiri ayenera kulembedwa mwa njira imodzi tisanawayerekeze, apo ayi tidzawerenga zolakwa mazana ambiri zimene si zolakwa. Nanga pamene wolemba adafufuta nambala n'kulemba ina pamwamba? Titenga yatsopanoyo. Nanga kabokosi kamene chiswe chidadya, koti anthu atatu onse alephera kukawerenga? Kameneka kapatsidwe chizindikiro chakechake, kachotsedwe m'masamu, koma chiwerengero cha timabokosi totere chilembedwe poyera mu lipoti.

Kuyerekeza kwenikweniko sikufuna pulogalamu yapadera. Mu Excel, ikani zotaipa za anthu pa tsamba lotchedwa Dzanja, za makina pa tsamba lotchedwa Makina, zonse zitayalidwa mofanana, kuti 5 Malichi wa uku akhale pamalo omwewo ndi 5 Malichi wa uko. Pa tsamba lachitatu lembani izi m'kabokosi koyamba, n'kukokera kumanja ndi kumunsi mpaka tebulo lonse litadzaza:

```
=IF(EXACT(TRIM(Makina!B2),TRIM(Dzanja!B2)),0,1)
```

Pamene awiriwo agwirizana patuluka 0, pamene asiyana patuluka 1. Kuphatikiza ma 1 onsewo kumatipatsa chiwerengero cha timabokosi tolakwika, ndipo tikachigawa ndi chiwerengero cha timabokosi tonse toyesedwa, n'kuchulukitsa ndi 100, tapeza peresenti ya zolakwa.

Taonani kuti kabokosi kalibe zoti kakhoza pang'ono. Ngati pepala likuti 1.25 ndipo makina alemba 1.26, kabokosi konse kalakwika, ngakhale zilembo zitatu mwa zinayi zili bwino. Apa m'pamene kuwerenga timabokosi kumasiyana ndi mmene opanga mapulogalamu amakondera kulengeza, poti iwo kawirikawiri amawerenga zilembo. Kuwerenga zilembo n'koyenera pa nkhani ya m'nyuzipepala, pamene chilembo chimodzi chikalakwika owerenga amamvabe mawuwo. Pa nambala sizitero. Pulogalamu imene imakhoza zilembo 99 pa 100 zilizonse imamveka yodalirika ndithu, koma nambala ngati 1.25 ili ndi zilembo zinayi tikawerengera kadontho, ndipo zonse zinayi ziyenera kukhala bwino. Tikachulukitsa 0.99 kanayi timapeza pafupifupi 0.96. Ndiye kuti pa manambala 100 otere, anayi akhoza kukhala olakwika, osati imodzi.

Tibwerere ku masamba athu 20. Pa timabokosi 372 ta tsamba lililonse, tina ndi ta masiku amene kulibe, monga 30 Febuluwale ndi 31 Epulo. Timeneti tichotsedwe. Kuti masamu asavute, titenge chaka chilichonse ngati cha masiku 365, choncho timabokosi toyesa tilipo 7,300. Tayerekeza, ndipo ma 1 akwana 219. Tikagawa 219 ndi 7,300 tipeza 3 peresenti. Makina akhoza 97 pa 100. Mkulu wa ofesi akamva zimenezi akhoza kusainira kuti ntchito yatha.

Asasainire msanga, chifukwa 97 ameneyu wanenepa ndi masiku opanda mvula. Ganizirani chaka cha kwathu kuno ku Malawi: kuyambira Meyi mpaka Okutobala, m'madera ambiri tsamba limangokhala timizere tokhatokha, ndipo ngakhale m'dzinja si tsiku lililonse limene imagwa. Tinene kuti pa timabokosi 7,300 tija, 5,500 ndi ta masiku opanda mvula, ndipo 1,800 tokha ndito tili ndi nambala. Makina akufa, ongolemba kamzere paliponse osawerenga n'komwe, akadakhoza 5,500 pa 7,300, kutanthauza 75 peresenti. Choncho 97 sitiyenera kumuyerekeza ndi 0, koma ndi 75. Tikagawa zolakwa zija pawiri, tikupeza kuti 21 zokha ndi zimene zili m'timabokosi topanda mvula, osakwana theka la peresenti imodzi. Zotsala 198 zili m'timabokosi 1,800 ta manambala. Imeneyo ndi 11 peresenti. Pa masiku asanu ndi anayi alionse amene mvula idagwa, tsiku limodzi makina alemba zabodza. Munthu wofuna kudziwa ngati mvula yoyamba ikuchedwa kuposa kale, kapena ngati mvula yamphamvu ikuchuluka, amagwira ntchito ndi masiku 1,800 amenewo, ndipo chiwerengero chomukhudza ndi 11, osati 3. Manambala onse awiri ndi oona, kusiyana kwake kuli pa chimene tagawa nacho, ndipo lipoti labwino limanena poyera kuti tagawa ndi chiyani.

Kenako munthu akhale pansi ndi zolakwa zonse 219, aziyang'ana chimodzichimodzi pambali pa chithunzi cha tsamba. Ndi ntchito yotopetsa, koma ndi imene imasandutsa peresenti kukhala chinthu chothandiza. M'chitsanzo chathu tinene kuti mwa 198 zija, 90 ndi za kusokoneza nambala zofanana maonekedwe, 1 ndi 7, 3 ndi 8, 5 ndi 6. Zina 46 ndi za kadontho kotayika, poti kadontho ka inki yofuwa kamazimirira pojambula. Zina 24 ndi za manambala amene makina sadawaone n'komwe, n'kusiya malo opanda kanthu. Zotsala 38 ndi za mtundu wina umene tiufotokoze posachedwa. Mwa 21 za m'masiku ouma, 12 ndi madontho a nkhungu ndi litsiro amene makina adawayesa manambala.

Zolakwa zimenezi sizilemera mofanana, ndipo kuwerenga timabokosi pakokha sikuona kusiyanako, chifukwa chilichonse chimangopatsidwa 1. Mabuku akale ambiri a m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain adalembedwa mu mainchesi, ndipo inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4. Makina akawerenga 0.12 ngati 0.17, asocheretsa ndi milimita imodzi ndi pang'ono, zimene sizisintha kwenikweni chithunzi cha chaka. Akataya kadontho pa 1.25 n'kulemba 125, cholakwacho n'chachikulu zedi, mamilimita 3,175 pa tsiku limodzi, koma n'chosavuta kugwira, chifukwa lamulo losavuta loti nambala yopitirira malire akutiakuti iunikidwe limachikola nthawi yomweyo. Choopsa ndi chapakati. Pamene 1.20 wawerengedwa ngati 7.20, mvula yabwinobwino ya mamilimita 30 yasanduka chimvula cha mamilimita 183. Mvula yotere imagwadi nthawi ya namondwe, choncho palibe lamulo la malire limene lingaikane, ndipo imalowa m'mbiri ngati tsiku la madzi osefukira limene silidachitikepo. Pa chifukwa ichi, pambali pa peresenti ya timabokosi tolakwika, ndi bwino kulembanso kuti ndi tingati timene tasocheretsa ndi mamilimita oposa muyezo umene ogwiritsa ntchito manambalawo angaupirire.

Tsopano zija 38. Zonse zachokera pa tsamba limodzi, pamodzi ndi zisanu ndi zinayi zotsala za m'masiku ouma. Tsambalo lidaikidwa mopendekeka pa sikana, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale makina adatsetsereka ndi mzere umodzi: mvula ya pa 3 adailemba pa 4, ya pa 4 adailemba pa 5, mpaka pansi. Nambala iliyonse adaiwerenga molondola, koma adaiika pa tsiku lolakwika. Kodi zimenezi ndi zolakwa 47 kapena cholakwa chimodzi? Kwa wogwiritsa ntchito manambalawo ndi 47, chifukwa masiku 47 ali ndi mvula yosakhala yawo, ndipo m'masamu athu ziyenera kuwerengedwa choncho. Kwa wokonza pulogalamu ndi vuto limodzi, lothetsedwa ndi kuwongola chithunzi. Chizindikiro chake pa tsamba lathu lachitatu chimaonekera patali: m'malo mwa ma 1 omwazikana apa ndi apo, pamakhala mndandanda wa ma 1 otsatizana kutsika. Onaninso kuti vuto limeneli silingagwidwe ndi njira ina yotchuka, yophatikiza manambala a mwezi n'kuyerekeza ndi chiwonkhetso chimene wolemba adaika pansi pa tsamba. Njira imeneyo ndi yothandiza kwambiri chifukwa imatheka pa masamba onse 1,200 popanda kutaipa, koma manambala akangosuntha malo, chiwonkhetso chimatha kukhala chomwecho.

Tsamba lopendekekali likutiphunzitsanso za kukula kwa chikhulupiriro chimene tingaike pa 11 peresenti. Tayesa masamba 20 okha, ndipo tikadasankha ena 20 yankho likadasiyana. Masamu a m'buku amati pa timabokosi 1,800, 11 peresenti akhoza kusuntha ndi 1.5 uku kapena uko, kutanthauza pakati pa 9.5 ndi 12.5. Koma masamu amenewo amaganiza kuti kabokosi kalikonse kamalakwika pakokha, mosakhudzana ndi kanzake. Taona kale kuti sizili choncho. Zolakwa zimayenda m'magulu, chifukwa tsamba limodzi lili ndi wolemba mmodzi, inki imodzi ndi kajambulidwe kamodzi. Tikachotsa tsamba lija, zitsala zolakwa 160 pa timabokosi pafupifupi 1,710, zimene ndi 9.4 peresenti, kunja kale kwa malire aja. Maere akadatigwetsera masamba awiri opendekeka, tikadapitirira 12. Choncho ngati mphamvu zotaipa n'zochepa, ndi bwino kutenga miyezi itatu pa masamba 80 kusiyana ndi miyezi yonse pa masamba 20. Timabokosi n'tofanana kuchuluka, koma takumana ndi alembi ambiri ndi mavuto ambiri. Lipoti lionetsenso peresenti ya tsamba lililonse palokha, kuti owerenga aone kusiyana kwa tsamba labwino ndi loipitsitsa.

Nanga tikayesa osapeza cholakwa ngakhale chimodzi? Sizitanthauza kuti kulibe. Akatswiri a masamu ali ndi kalamulo kachidule: gawani 3 ndi chiwerengero cha zimene mwayesa. Mukayesa timabokosi 100 osapeza cholakwa, chimene munganene molimba mtima n'chakuti zolakwa sizipitirira pafupifupi 3 peresenti. Kuti munene kuti sizipitirira chimodzi pa 1,000, muyenera kuyesa timabokosi 3,000 tonse n'kutuluka toyera.

Chotsala ndi kugawa zotsatira molingana ndi magulu amene tidachitira maere aja. Tinene kuti masamba 10 anali a pa taipilaita ndipo 10 a pamanja, gulu lililonse timabokosi 900 ta manambala. A pa taipilaita atuluka ndi zolakwa 27, kutanthauza 3 peresenti. A pamanja atuluka ndi 171, kutanthauza 19 peresenti. Apa 11 uja waoneka kuti si wa tsamba lililonse, wangokhala pakati pa magulu awiri otalikirana. Ngati m'nkhokwe yonse masamba a pa taipilaita ali 900 ndipo a pamanja 300, ndiye kuti 11 si chiwerengero cha nkhokweyo, chifukwa m'zoyesera tidapatsa magulu awiriwa malo ofanana. Tiyenera kupatsa 3 peresenti magawo atatu ndi 19 peresenti gawo limodzi, ndipo yankho ndi 7 peresenti.

Ndi manambala amenewa ofesi ikhoza kugamula zenizeni. Masamba 900 a pa taipilaita asungidwe monga makina awawerengera, koma adutse pa lamulo la malire ndi pa kuyerekeza ziwonkhetso za mwezi, ndipo masiku onse a mvula yaikulu aunikidwe ndi diso la munthu pa chithunzi. Masamba 300 a pamanja ataipidwe ndi anthu, awiriawiri. Zithunzi zopendekeka ziwongoledwe, pulogalamu iwerengenso. Ikatha, pachitike maere atsopano ndi kutaipa masamba ena oyesera, chifukwa aja 20 tawagwiritsa ntchito kale popeza mavuto ndi kuwakonza.